Chidule cha chikalata cha malumbiro: mlandu wa bwato ndi injini ku Malembo

Bwana loya,

Nachi chidule cha chikalata chimene mayi wamasiye uja adalumbira kuno ku Mangochi boma pa 14 Marichi 2025, pa mlandu wolimbirana bwato ndi injini ndi mlamu wawo, mbale wa malemu amuna awo. Chili ndi ndime 19, ndazipanikiza kukhala mfundo 9. ADAONA ndiye kuti mayiyo adalipo, adaona kapena kumva ndi makutu awo. ADANGOMVA ndiye kuti adachita kuuzidwa, ndipo ndatchula wowauzayo. Adalankhula m'Chiyao nkudinda chala, choncho mawu ali m'chikalatamo ndi a womasulira.

1. Adakwatiwa ndi malemu mu 2009 ndipo ali ndi ana anayi (ndime 2 ndi 3). ADAONA.

2. Malemu adapita ku Joni mu 2016, ankatumiza ndalama pafupifupi mwezi uliwonse (ndime 4). ADAONA. Ankakatenga okha, malisiti ena adawasunga m'chitini.

3. Bwato lathabwa lidakhomedwa mu 2019 padoko la ku Malembo (ndime 5). ADAONA. Akuti mmisiri ankamupititsira nsima masana, ndipo gawo lomaliza la malipiro adampatsa pamanja ndi iwowo.

4. Injini (ndime 6 ndi 7). Apa ndagawa pawiri chifukwa ndime 7 yasakaniza zinthu. Kuti injini idafika pakhomo pa galimoto mu Ogasiti 2020 nkugona m'chipinda mwawo sabata ziwiri: ADAONA. Kuti idagulidwa K2,400,000, ndalama za malemu okha popanda wosonkherana naye: ADANGOMVA kwa malemuwo pafoni. Pogula iwo padalibe, lisiti sadalionepo. Mlandu wathu wagona pomwepa, bwana, popeza mlamu akunena kuti adasonkha theka. Mwini mawu adatisiya, sangafunsidwe. Tikapeza wogulitsa injiniyo, kapena woyendetsa galimoto ngati ndiye adanyamula ndalama, mfundoyi iima pa miyendo yake.

5. Imfa (ndime 9). Kuti malemu adamwalira pa 3 Okutobala 2024 atadwala masiku asanu: ADANGOMVA kwa mnzawo wa malemu amene ankagona naye nyumba imodzi. Kuti thupi lidafika ndi kuikidwa m'manda pa 12 Okutobala: ADAONA. Palibe akutsutsa, koma tiphatikepo mapepala amene adabwera ndi thupi.

6. Itatha sadaka ya masiku 40, mlamu adabwera m'mawa ndi anyamata awiri nkutenga injini ndi chilimira pakhonde (ndime 11 ndi 12). ADAONA. Adali pa mkeka akusankha mpunga, mwana wamkulu ali pomwepo.

7. Mlamu adati, “Katundu wa mbale wanga sangatsale ndi mkazi” (ndime 13). ADAONA, adamva okha. Ndaika nyenyezi apa. Ndi mawu a munthu wina, inde, koma adatuluka m'kamwa mwa amene tikutsutsana nayeyo, ndipo iye mwini akuti “katundu wa mbale wanga”, sadati “wathu”. Mudzaona nokha mmene mungawagwiritsire ntchito. Ndipempha womasulira atilembere mawu enieni a Chiyao, poti zonse zili pa liwu limodzilo.

8. Bwato lidasamutsidwira ku doko lina chakumpoto, ndipo alovi akupereka ndalama za usipa kwa mlamu (ndime 15 ndi 16). ADANGOMVA kwa mlovi mmodzi. Chimene adaona okha nchakuti bwato palibenso pamalo pake ndipo chichokereni Novembala sadalandireko khobidi. Mloviyo alipo, angathe kulumbira chake.

9. Mlamu akufuna kugulitsa injini kwa munthu wa ku Makanjira (ndime 18). ADANGOMVA, kumvanso kwake kwa patali: adawauza ndi mng'ono wawo, amene naye adamva azimayi akukamba poyanika usipa pa thandala. Chikalata changoti “ndamva kuti”, osatchula gwero. Popempha chiletso cha khoti, zakumva zimatha kuloledwa ngati wolumbira watchula amene adamuuza ndi chifukwa chimene akukhulupirira. Mmene ndime 18 ilili panopa, a mbali inayo adzaigwetsa msanga, pamene changu chonse chopemphera chiletso chatsamira pa iyo.

Ndime 8, 10, 14, 17 ndi 19 ndazisiya. Muli madandaulo ndi maganizo, monga “mlamu ndi wadyera chibadwire”, mulibe choona. Ndime 1 ndi yongodzitchula.

Pansi pa lamulo la chuma cha masiye la 2011, mfundo 1, 6 ndi 7 ndizo zolimba. Zofuna kuchirikiza ndi 4, 8 ndi 9. Lachiwiri ndikwera ya ku Monkey Bay, ndikaonane ndi mlovi uja ndiponso a komiti ya padoko, ndikafunse ngati kaundula wawo akusonyeza dzina la mwini bwato. Mayi ndawauza abwere ndi chitini chija Lachisanu, pamodzi ndi foni, chifukwa akuti mauthenga a mawu a malemu sadawafufute.

Ine wanu,
Kalaliki wa ofesi