Titsekere Pano Nkhani ya Makala

Abale ndi alongo, nkhani ya makalayi yatitengera nthawi, ndipo ndikuona kuti mawu ayamba kutuluka ndi minga. Poti munandipatsa udindo wotsogolera zokambirana zathu zamdera lino, ndiloleni ndimange mfundo, kenaka tipumule.

Mayi Nambewe, mawu anu tawamva, ndipo palibe amene angakuuzeni kuti mwalankhula mopyola malire. Munali ku Chilobwe mu Malichi 2023 pamene namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche usiku anthu ali mtulo. Munaika maliro a anthu amene munkatunga nawo madzi pampopi umodzi. Mukayang'ana phiri la Michiru lero n'kuona mbali zimene zinali nkhalango zitasanduka zitsa zokhazokha, mantha anuwo ndi oona. Mwakumbutsanso kuti lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020 kuti zilango zikhwime, limaletsa kuwotcha makala popanda chilolezo. Zimenezo n'zoona, ndipo inu ndi onse amene mukufuna kuti lamulo ligwire ntchito simuli adani a anthu osauka. Amene anakunenani choncho anakulakwirani.

Achimwene a Chisale, nanunso simunaname. Munatiuza za bambo amene amadzuka tambala asanalire, matumba atatu atawamanga panjinga, namakankha pachitunda thukuta lili kamukamu, mapazi ali m'mapatapata oduka. Akafika m'tauni timanenerera naye mpaka atsitse mtengo. Ndalama yakeyo ikathera pa ndowa ya chimanga ndi yunifolomu ya mwana. Munthu ameneyu sawotcha makala chifukwa chodana ndi mitengo. Munda wake ndi kachigamba, fetereza sangamufikire, ganyu kulibe. Kumulanda njinga lero sikumupatsa chochita mawa. Kunena zimenezi sikuikira kumbuyo owononga chilengedwe, ndipo amene anakutchulani dzina limenelo, chonde alibweze.

Ndiye pali amayi angapo amene anafunsa funso limene tonse tinalilumpha: tiphikire chiyani? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa mabanja 100 aliwonse m'dziko muno, pafupifupi 11 okha ndi amene amaunikira magetsi. Ife amene tili nawo tikukumbukira zimene zinachitika namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Kwa miyezi yambiri nsima inkapsa pambaula ngakhale m'nyumba zokhala ndi makuka. Gasi alipo, koma silinda ndi chitofu chake zimafuna ndalama yambiri nthawi imodzi, pamene makala umatha kugula a kajumbo kamodzi n'kuphikira ndiwo za tsikulo.

Nditawerenganso zonse modekha, ndapeza kuti palibe mmodzi yemwe amene wanena kuti phiri lithe, ndipo palibenso amene wanena kuti ana a wowotcha makala agone ndi njala. Tasiyana pa chimene chiyenera kuyamba, basi. Koma tonse takhala tikuloza kuphiri ndi kumsewu wa ku Mwanza ndi Neno kumene matumba amachokera, pamene ulendo wa thumba lililonse umathera pakhomo pathu. Uvuni kunkhalango amauyatsa chifukwa kuno kuli wogula, ndipo wogulayo ndi ife, Mayi Nambewe, a Chisale, ine, tonse. Sindikunena izi kuti wina achite manyazi. Ndikunena chifukwa mbali imeneyi ndiyo ili m'manja mwathu, ndipo kuigwira sikufuna kuti wina agonje pa mtsutsowu.

Choncho pempho langa ndi ili. Banja lililonse lione mmene lingachepetsere makala amene limagwiritsa ntchito pamwezi. Nyemba tiziviika usiku kuti zisamadye moto wa maola atatu. Poto tizivundikira. Makala otsala tikatha kuphika tizizimitsa m'malo mowasiya anyeke okha. Amene ali ndi kotola nkhuni zogwa zokha ayese mbaula ya dothi ija ya Chitetezo. Amene angakwanitse gasi, tikambirane zochita chipereganyu kuti silinda izigulidwa mosinthana.

Loweruka likudzali tikumane pabwalo la mpira nthawi ya 9 koloko mmawa kuti tigwirizane za nazale ya mbande, poti nyengo yobzala mitengo imayamba pa 15 Disembala. A Chisale, mutiitanireko awiri kapena atatu mwa abale ogulitsa makala aja. Takhala tikuwakamba iwo palibe, ndipo mwina ntchito yosamala nazale ingawapatseko kangachepe. Mayi Nambewe, ngati mungalole, mutitsogolere posankha malo oyamba kubzala.

Amene mwapsetsana mitima, imbiranani lamya musanagone. Nkhaniyi ndaitseka pano mpaka Loweruka. Zikomo nonse.