Zoyamba kuchita polowa shifiti: gulu lothandiza makasitomala a sola

Mphindi 15 zoyambirira ndi za mndandandawu. Malizani kaye musanayambe kuyankha mafoni.

1. Werengani buku losiyirana ntchito. Ngati anzanu amene akuweruka adakalipo, afunseni pamaso: alipo kasitomala amene tamulonjeza kumuimbira lero? Nthawi yanji?
2. Foni ya ofesi ikhale ndi moto ndi mayunitsi, WhatsApp yotsegula.
3. Yambani ndi matikiti a `Urgent`. Oyambirira ndi amene analipira pa Airtel Money kapena Mpamba koma nambala yoyatsira magetsi sinawafike. Banja limenelo lagona mumdima litapereka ndalama zake, chonde musalidikiritse. Tsimikizani nambala ya risiti musanatumize nambala yoyatsira.
4. Tikiti iliyonse ya `Open` ikhale ndi dzina la woisamala. Yopanda dzina ndi yanu.
5. Ya `Pending` yopitirira maola 24: imbani, ngakhale yankho lisanapezeke. Auzeni pamene tafika.
6. Madandaulo atatu ofanana ochokera dera limodzi, dziwitsani a mkulu wa shifiti nthawi yomweyo.
7. Sainani m'buku, lembani nthawi.