Ntchito ya Sitandade 5: tchulani mbali za mzikiti, tchalitchi ndi kachisi

Ana inu, pa tchati pali nyumba zitatu zopemphereramo ndipo muvi uliwonse uli ndi nambala yake. Jambulani zonse zitatu m'kope mwanu ndi pensulo osati peni, kenako pa muvi uliwonse lembani dzina loyenera kuchokera pa mawu omwe ndakupatsani. Sindichonga kukongola kwa chithunzi ayi, ndichonga ngati dzina lili pamalo pake. Mawu ena ndi achilendo, musaope, awerengeni pang'onopang'ono mokweza.

Chithunzi A: Mzikiti

Mawu: mimbari, malo a udhu, minareti, poika nsapato, mihirabu, denga lozungulira

1. Muvi ukuloza nsanja yayitali yowonda ija ili pambali, ndi pomwe pamachokera azana, mawu oitana Asilamu kukapemphera kasanu pa tsiku, kale muazini ankachita kukwera pamwamba koma masiku ano m'mizikiti yambiri amangoikapo masipika.
2. Pamwamba penipeni pooneka ngati mbale yovundikira, nthawi zambiri pansonga pake pamakhala chizindikiro cha mwezi.
3. Mipopi ili pafupi ndi khomo, pomwe munthu amasamba m'manja, m'kamwa, kumaso, mikono ndi mapazi asanalowe.
4. Apa samalani chifukwa ambiri mumasokoneza ndi nambala 5. Muviwu ukuloza kamalo kolowa m'khoma la kutsogolo, ntchito yake nkusonyeza kibula, mbali yomwe kuli Kaaba, nyumba yopatulika ya Asilamu ku Maka, ndiye onse akamapemphera amayang'ana komweko ndipo imamu amaima patsogolo pomwepo.
5. Timasitepe tili pambali pa nambala 4, imamu amaimapo polalikira Lachisanu.
6. Mashelefu a pakhomo.

Mwaona kuti mkatimo mulibe mabenchi? Pansi pali makapeti, chifukwa popemphera amagwada mpaka chipumi kugunda pansi.

Chithunzi B: Tchalitchi

Mawu: guwa, mtanda, malo obatizira, mabenchi, nsanja ya belu, gome lolalikirira

7. Chizindikiro chili pamwamba pa denga, chimakumbutsa Akhristu za imfa ya Yesu.
8. Muli chitsulo chomwe amachiliza nthawi ya mapemphero ikakwana.
9. Tebulo la kutsogolo lokutidwa ndi nsalu, pamaikidwa mkate ndi vinyo pa mgonero kapena pa misa.
10. Pokwera pang'ono, abusa kapena ansembe amaima apa ndi Baibulo.
11. Muli madzi. Pa chithunzi chathu ndi beseni laling'ono koma matchalitchi ena ali ndi dziwe loti munthu amamizidwa yense, ena amapita kumtsinje, ndiye ngati kwanu nkosiyana simunalakwitse.
12. Pokhala anthu.

Chithunzi C: Kachisi wa Ahindu (eni ake amati mandiri)

Mawu: muruti, shikara, diya, belu, garibagiriha, mandapa

13. Nsanja yooneka ngati phiri, imakhala pamwamba pa chipinda chopatulika kwambiri.
14. Chipinda chaching'ono chamkati chija, chopanda mawindo, m'makachisi ambiri amalowamo ansembe okha.
15. Chifaniziro cha mulungu chili m'chipindamo, monga Ganesha kapena Krishina, chimavekedwa nsalu ndi maluwa.
16. Holo yokhala ndi mizati pomwe anthu amasonkhana.
17. Lapachikidwa pafupi ndi khomo, munthu amaliliza polowa.
18. Kanyali kakang'ono ka mafuta kamene amayatsa popembedza.

Mukamaliza yankhani izi m'ziganizo zathunthu. Ndi nyumba ziti ziwiri zomwe anthu amavula nsapato asanalowe? Nyumba zonse zitatu zili ndi nsanja, kodi ntchito yake ndi imodzi, fotokozani. Belu likupezeka pa zithunzi ziti ndipo amene amaliliza ndi ndani? Nanga mutaitanidwa ndi mnzanu kukaona komwe amapemphera, nchiyani chomwe mungafunse kaye musanalowe?

Chinthu chimodzi ndikupemphani ndi mtima wonse, muno m'kalasi tili a zipembedzo zosiyana ndiye sindifuna kumva wina akuseka dzina kapena chithunzi cha nyumba yopemphereramo anthu ena, ngati mnzako wa pa desiki amadziwa mawu amene akukuvuta mufunse bwinobwino akuuze katchulidwe kake.

Mayankho (aphunzitsi anzanga dulani kagawoka musanagawe mapepala): 1 minareti, 2 denga lozungulira, 3 malo a udhu, 4 mihirabu, 5 mimbari, 6 poika nsapato, 7 mtanda, 8 nsanja ya belu, 9 guwa, 10 gome lolalikirira, 11 malo obatizira, 12 mabenchi, 13 shikara, 14 garibagiriha, 15 muruti, 16 mandapa, 17 belu, 18 diya. Mwana akalemba "nsanja" pa 1 kapena "nyali" pa 18 mupatseni theka la malikisi, wamvetsa ntchito yake kungoti dzina lamuthawa.