Dongosolo la Phunziro: Kuzindikira Chithunzi Chimene Malo Ake Akumbuyo Ndi Ongophatikapo

Phunziroli ndi la ophunzira a Fomu 2 ndi Fomu 3 a m'gulu la zofalitsa nkhani pa sukulu ya sekondale yoyendera kuno ku Senga Bay, m'boma la Salima, ndipo lichitika Lachitatu masana, mwezi wa Juni, kwa mphindi 80. Pomaliza pake, wophunzira aliyense azitha kutenga chithunzi chimene chafika pa WhatsApp kapena pa Facebook, kufufuza mithunzi, m'mphepete mwa thupi la munthu, ndi zithunzithunzi zooneka m'madzi kapena pagalasi, kenaka n'kunena ngati munthuyo anajambulidwiradi pamalopo, ngati wangoikidwapo, kapena ngati umboni wake ndi wosakwanira kugamula.

Zokonzekera

Mphunzitsi abweretse mafoni atatu okhala ndi kamera, marula, mapensulo, tochi, kalilole, beseni lakuda lodzaza madzi, mabotolo atatu osiyana kutalika, ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zosindikiza papepala lalikulu. Zitatu zikhale zenizeni, zojambulidwa pamchenga chilumba cha Namalenje chikuoneka kumbuyo, ndipo zitatu zikhale zophatika. Zophatikazo mphunzitsi azikonze yekha ndi chithunzi chake chomwe. Chithunzi cha wophunzira chisagwiritsidwe ntchito ngakhale mwini wake atavomera, chifukwa chikangotuluka m'kalasi palibe amene angachibweze.

Poyambira (mphindi 8)

Mphunzitsi afunse ngati alipo amene kwawo kuli chithunzi chakale cha ku situdiyo, chimene agogo kapena amalume aima patsogolo pa nsalu yopakidwa nyumba zosanja. Afotokoze kuti chithunzi chotere sichinamiza munthu, popeza aliyense amaona kuti ndi nsalu, koma lero foni imatha kudula munthu n'kumuika patsogolo pa galimoto lomwe si lake, pa bwalo la ndege lomwe sanapiteko, kapena pa malo a ngozi yomwe sinachitike. Apereke chitsanzo cha mu 2011, pamene chimphepo cha Irene chinaomba ku Puerto Rico ndipo kunafala chithunzi cha nsomba yaikulu ya shaki ikusambira mumsewu wosefukira madzi. Nsombayo anaidula pa chithunzi chimene Thomas Peschak anajambula m'nyanja ya ku South Africa, ndipo chithunzi chabodzacho chakhala chikutulukanso pa zimphepo zina. Ife amene mitsinje yathu imasefukira m'nyengo ya dzinja tili ndi chifukwa chophunzirira zimenezi, pakuti nthawi ya mantha ndiyo imene anthu amatumizirana zithunzi mosayang'anitsitsa.

Mithunzi (mphindi 32)

Gawo ili ndilo lalikulu, ndipo ngati nthawi yachepa kuli bwino kufupikitsa magawo enawo kusiyana ndi kuthamangitsa ili. Mfundo yake ndi imodzi: panja dzuwa ndi limodzi, choncho mithunzi yonse ya m'chithunzi chimodzi iyenera kuchokera ku dzuwa lomwelo. Wophatika amatenga munthu amene anajambulidwa pa ola lina n'kumuika pamalo ojambulidwa pa ola linanso, ndipo kugwirizanitsa kuwala kwa zithunzi ziwirizo ndi ntchito yovuta kuposa kudula.

Ophunzira atuluke pabwalo, aimike mabotolo atatuwo motalikirana, awajambule ndi foni, ndipo aone kumene mithunzi yaloza. Pano ayambire pa zimene akudziwa kale. Nyanja yathu ili kum'mawa, choncho munthu amene waima pamchenga nyanja ili kumbuyo kwake m'mawa amakhala ndi dzuwa kumsana, nkhope yake imada, ndipo mthunzi wake umabwera chakwa wojambula. Madzulo zimatembenuka: nkhope imawala, mthunzi umaloza kunyanja. Chithunzi chimene dzuwa likuoneka likutuluka m'nyanja kumbuyo kwa munthu, koma munthuyo wawala mphumi ndi mphuno ngati wayang'anizana ndi dzuwa, chiyenera kufunsidwa funso. Yankho likhoza kukhala lakuti kamera inathwanimitsa kuwala kwake, ndipo zikatero kadontho kowala kamaoneka pakati pa diso; ngati kadonthoko palibe, kukayika kukule. Mphunzitsi awonjezere kuti m'mwezi wa Juni dzuwa la masana limakhala chakumpoto ndipo mithunzi imaloza kumwera, pamene chakumapeto kwa Okutobala ndi chapakati pa Febuluwale dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, mthunzi n'kukhala pansi pa mapazi.

Akabwerera m'kalasi, gulu lililonse lilandire chithunzi chapapepala ndi rula. Njira yake ndi iyi, ndipo ndi imene akatswiri ofufuza zithunzi, monga Hany Farid wa ku yunivesite ya California ku Berkeley, amaifotokoza. Wophunzira asankhe nsonga yooneka bwino pa chinthu, monga pamwamba pa mtengo wa thandala loyanikira usipa, apeze nsonga yomweyo pa mthunzi wake, ndipo alembe mzere wowongoka wodutsa pa nsonga ziwirizo, kupitirira mbali zonse. Achite chimodzimodzi ndi mutu wa bwato, ndi ngodya ya denga, ndipo pomaliza ndi mutu wa munthu amene akukayikiridwayo. M'chithunzi chenicheni mizere yonse imakumana pa malo amodzi, ngakhale malowo atakhala kunja kwa pepala, n'chifukwa chake ndi bwino kumata chithunzicho pa nyuzipepala yotambasula. Dzuwa likakhala kutsogolo kwa kamera mizere imakumana m'mwamba, likakhala kumbuyo kwa wojambula imakumana m'munsi, ndipo likakhala pambali penipeni mizereyo imayenda mondondozana osakumana. Ngati mizere itatu yakumana koma wa munthuyo walowera kwina, pamenepo pali umboni wolimba.

Mphunzitsi achenjeze za cholakwa chimene ambiri amachita, chonena kuti chithunzi ndi chabodza chifukwa mithunzi siikuloza mbali imodzi ndendende. Pa chithunzi, mithunzi imaoneka ngati ikuyandikirana kapena kutayana, monga momwe njanji ziwiri za sitima pa siteshoni ya Salima zimaonekera ngati zikukakumana kutali. Maso okha sagamula bwino nkhani imeneyi, ndipo rula ndi imene ithandize.

Kenaka ayang'ane pansi pa mapazi. Pamene nsapato yaponda pansi pamakhala kamthunzi kakuda kwambiri, ngakhale tsiku la mitambo, ndipo pamchenga phazi limalowa pang'ono. Munthu wophatikidwa amaoneka ngati akuyandama, n'chifukwa chake ophatika ambiri amadula chithunzi m'mawondo. Ayerekezenso kuuma kwa mithunzi: dzuwa likamaswa mtengo mithunzi imakhala yakuthwa m'mphepete, kukakhala mitambo imakhala yofewa, ndipo bwato la mthunzi wakuthwa silingakhale pambali pa munthu wopanda mthunzi. M'nyumba, momwe muli mababu angapo ndi zenera, chinthu chimodzi chimatha kukhala ndi mithunzi iwiri kapena itatu. Mphunzitsi aonetse zimenezi ndi tochi pafupi ndi zenera, kuti ophunzira asagwiritse ntchito lamulo la dzuwa limodzi pamene silikugwira.

M'mphepete (mphindi 12)

Apa ophunzira akulitse chithunzi pa foni ndi zala ziwiri, ndipo atsatire thupi lonse kuyambira kumutu. Tsitsi ndilo limavuta kudula, choncho aone ngati lametedwa mosalala ngati ladulidwa ndi sizasi, kapena ngati pali kamzere kowala kapena kobiriwira kozungulira mutu ndi mapewa, komwe ndi kotsalira ka malo akale. Aonenso mipata ing'onoing'ono, pakati pa mkono ndi chiuno, pakati pa zala, ndi pakati pa masipoko a njinga ya kabaza, pakuti m'menemo khoma lakale limatsalira pamene kwina konse kwasanduka nyanja.

Komabe umboni wa m'mphepete ndi wofooka kuposa wa mithunzi, ndipo ophunzira auzidwe zimenezi mosabisa. Mafoni ambiri ali ndi njira yojambulira yolembedwa kuti Portrait, imene imachititsa chimbuuzi malo akumbuyo ndipo imalakwitsa pa tsitsi ndi makutu ngakhale munthuyo analidi pamalopo. Chithunzi chimene chatumizidwa kambirimbiri nachonso chimachepetsedwa, ndipo m'mphepete mwa zinthu mumabwera timabokosi. Mmodzi ajambule mnzake ndi njira ya Portrait, onse aone zolakwikazo ndi maso awo, kenaka chithunzicho chifufutidwe.

Zooneka m'madzi ndi pagalasi (mphindi 16)

Beseni liikidwe pansi, botolo liimikidwe kuseri kwake, ndipo ophunzira agwade kuti aone. Pa madzi odekha, chithunzithunzi chimakhala pansi penipeni pa chinthucho ngati kamera sinapendekeke, ndipo kawirikawiri chimakhala chakuda pang'ono kuposa chinthu chenicheni. Mmodzi agwedeze madzi ndi chala, ndipo aone kuti chithunzithunzi chimasweka n'kutalika cholowera kwa woonera. Bwato limene likuoneka bwinobwino m'madzi pamene nyanja yawinduka ndi mwera ndi lokayikitsa, ndipo chimodzimodzinso munthu amene waima m'madzi a bata popanda chithunzithunzi pamene mabango a pambali pake ali nacho.

Mfundo imene ndimaikonda kwambiri m'gawo lino ndi yakuti madzi saonetsa chithunzi chomwecho chongozondotsa, koma amaonetsa chinthu monga chingaonekere kuchokera pansi. Wophunzira agwire chikhato chake moyang'ana pansi pamwamba pa kalilole wogonekedwa patebulo: anzake akuona kunja kwa dzanja, koma m'kalilole akuona chikhato. Wophatika waulesi amangotenga munthu n'kumuzondotsa, ndipo m'madzi mumaoneka pamwamba pa chipewa m'malo mwa kunsi kwake. Pomaliza ayang'ane magalasi a m'maso, mawindo a galimoto ndi chitseko chonyezimira: munthu amene akuti ali kunyanja, koma m'magalasi ake mukuoneka denga la malata ndi babu, anajambulidwira m'nyumba.

Kuyesa ndi kugamula (mphindi 12)

Magulu asinthane zithunzi zisanu ndi chimodzizo, ndipo pa chilichonse alembe chimene aona, njira imene ayesera, ndi chigamulo chimodzi mwa zitatu: chenicheni monga momwe tayesera, chophatika, kapena umboni ndi wosakwanira. Chigamulo chachitatu chilandire malikisi ofanana ndi zinazo ngati zifukwa zake zili zomveka. Gulu lisanene kuti chithunzi ndi chophatika pokhapokha litapeza zizindikiro ziwiri zochokera m'magawo osiyana, kapena mizere ya rula itakana kukumana poyesa kawiri. Mphunzitsi atsindike kuti kunena mnzako pagulu kuti ndi wabodza popanda umboni kumapweteka ngati chithunzi chabodza chomwe, ndiponso kuti chithunzi chimene chapambana mayeso onse atatu chikhoza kukhala chenicheni koma cha chaka china kapena cha dziko lina, nkhani imene tidzaiphunzira Lachitatu likudzali.

Ntchito ya kunyumba

Wophunzira aliyense azike ndodo pabwalo la kwawo Loweruka, ayeze kutalika kwa mthunzi wake ndi chingwe kapena rula nthawi ya 7 koloko m'mawa, 12 koloko masana ndi 4 koloko madzulo, ndipo alembe m'kope mbali imene mthunziwo waloza poyerekeza ndi kumene kuli nyanja. Amene kwawo kuli foni ajambulenso ndodoyo pa maola atatuwo, ataima pamalo amodzi, ndipo abwere ndi zithunzizo kuti tidzaziyese ndi rula m'kalasi.