Sewero la loboti: maphunziro atatu a khodi popanda kompyuta

Malangizowa ndi a mphunzitsi amene ali ndi ana 60 a zaka 10 mpaka 13, ndipo wapatula maphunziro atatu a mphindi 40 lililonse. Kompyuta siyikufunika, magetsi ayinso. Chimene ana ayenera kutulukamo nacho ndi ichi: makina amachita zimene walemba, zimene unkaganiza mumtima sazidziwa. Kompyuta siyiganizira kuti "mwina amafuna kunena zakuti". Choncho m'seweroli mwana amene akhale loboti saloledwa kuthandiza anzake ngakhale akuona kuti akupita kolakwika. Mukalekerera pamenepa, ana asangalala ndithu, koma khodi, kulemba malamulo oti makina atsate, sayiphunzira.

Njirayi ndi yakale. Logo, chinenero cholembera malamulo a kompyuta, chinapangidwa mu 1967, ndipo Seymour Papert, mmodzi mwa amene anachipanga, ankalimbikitsa ana kuyenda okha ngati kamba wa Logo wa pa sikirini asanalembe malamulo omuyendetsera. Pambuyo pake Tim Bell ndi anzake anasonkhanitsa masewero ambiri otere pansi pa dzina lakuti CS Unplugged.

Zokonzekera

Jambulani pansi bwalo la mabokosi 6 mulitali ndi 6 mulifupi. Bokosi lililonse likhale masentimita 40 mbali zonse, kotero bwalo lonse likhala mamita 2.4. Mabokosi akachepa kuposa apa mwana amaponda mzere, ndiye mkangano umabuka wakuti waima pati. Pa simenti gwiritsani choko, pa dothi lembani ndi kamtengo. M'munsi mwa bwalo lembani A, B, C, D, E, F kuyambira kumanzere, ndipo m'mbali lembani 1 mpaka 6 kuyambira m'munsi. Bokosi lililonse lili ndi dzina tsopano, monga A1 kapena C4.

Mabwalo akhale anayi. Gawani ana m'magulu 12 a anthu asanu, magulu atatu pa bwalo limodzi: lina likamayendetsa loboti, awiriwo akhale akulemba. M'gulu muli olemba awiri, wowerenga mmodzi, loboti, ndi wolondera amene amaika chizindikiro pa lamulo lililonse likachitika. Azisinthana ntchitozi pakatha ulendo uliwonse, apo ayi mwana wolankhulalankhula ndiye alemba tsiku lonse pamene wamanyazi wangokhala loboti.

Gulu lililonse likhale ndi pepala, pensulo, mwala umodzi, ndi kansalu komanga pa dzanja lamanja la loboti. Zotchinga njira zikhoza kukhala mabuku kapena zikwama.

Malamulo ndi anayi okha, ndipo alembedwe pa bolodi:

```
P  pita patsogolo bokosi limodzi
M  tembenukira kumanja
Z  tembenukira kumanzere
T  tola chili m'bokosi waimamo
```

M ndi Z sasuntha loboti. Amatembenuka pomwe waimapo, kota imodzi ya kuzungulira konse, mapazi osatuluka m'bokosi. Onetsani inu nokha kawiri kapena katatu, chifukwa ana ambiri akamva "kumanja" amadumphira m'bokosi la pambali.

Phunziro loyamba: ndondomeko

Mphindi zisanu zoyamba loboti mukhale inuyo. Imani pakhomo, auzeni ana kuti akufikitseni pa bolodi. Wina akati "yendani", yendani osaima mpaka mutagunda desiki. Akati "tembenukani", zungulirani osaleka. Kenako afunseni chimene chinasowa m'lamulolo. Adzapeza okha kuti sananene kuti muyende mapazi angati, kapena mutembenukire mbali iti. Apa ndi pamene mumawapatsa malamulo anayi aja.

Ntchito yoyamba: loboti waima pa A1, wayang'ana ku A6, mwala uli pa C4. Gulu lilembe pulogalamu yonse, mndandanda wa malamulo onse, loboti asanasunthe. Yankho limodzi ndi ili:

```
P P P M P P T
```

Wowerenga amatchula lamulo limodzi, loboti achita, wolondera achonga, kenako lotsatira. Pepala likangopita kwa wowerenga, olemba atseke pakamwa. Lamuloli ndi limene limavuta kusunga, komanso ndi limene phunziro lonse latsamirapo. Ana akamakuwa kuti "bwerera, bwerera!" ndiye kuti akungoyendetsa mnzawo ndi mawu, sakuona patsogolo m'maganizo zimene malamulo awo achite. Loboti akatuluka m'bwalo kapena kugunda chotchinga, aime n'kunena kuti "ndaima". Asapitirize.

Magulu akakhoza, ikani buku pa A3. Njira yakale yatsekeka, ndipo ambiri adzalemba M P P Z P P P T, malamulo 8. Ena adzadzera kwina ndi malamulo ochulukirapo. Musawadule; lembani njira zonse pa bolodi, ana awerenge kuti yaifupi ndi iti. Aone kuti ntchito imodzi ikhoza kukhala ndi mapulogalamu angapo olondola.

Vuto limene lidzabwera pafupifupi m'gulu lililonse ndi la kumanja ndi kumanzere. Loboti akayang'anizana ndi olemba, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwawo, ndipo amalemba Z pofuna M. Si kuti sadziwa manja awo. Akuonera bwalo pamene iwo aima, osati pamene loboti waima. Kansalu kaja kamathandiza, koma chothandiza kwambiri ndi kuuza wolemba aime kumbuyo kwa bwalo, azitembenuza thupi lake pa M kapena Z aliyense amene walemba.

Mphindi khumi zomaliza zikhale za kusaka cholakwa. Lembani pa bolodi pulogalamu iyi, yochokera pa A1 kupita pa C4, bwalo lopanda chotchinga:

```
P P M P P P T
```

Asanayese, aliyense alembe pamene akuganiza kuti loboti athera. Athera pa D3, n'kutola mphepo. Onani kuti zilembo zake ndi zomwe zija za yankho lolondola, P asanu, M mmodzi, T mmodzi. Chasintha ndi malo a M basi. Ana ambiri amafuna kufufuta zonse n'kuyambiranso. Akanizeni. Atsate ndi chala lamulo limodzilimodzi mpaka apeze loyamba pamene loboti wasiyana ndi njira imene ankafuna, akonze pomwepo, ayesenso. Ndipo pofunsa muziti "lamulo liti lalakwika?", osati "walakwitsa ndani?" Mwana amene akuopa kusekedwa amabisa pepala, ndipo pepala lobisika silikonzeka.

Phunziro lachiwiri: kubwereza

Musayambe ndi kufotokoza. Apatseni ntchito yotopetsa: loboti achoke pa A1 atayang'ana ku A6, azungulire m'mphepete mwa bwalo lonse, abwerere pa A1 atayang'ana komwe anayamba. Pamafunika malamulo 24. Aleke alembe onsewo. Akayamba kudandaula, afunseni kuti ndi chigawo chiti chimene akulemba mobwerezabwereza, achizungulize ndi pensulo. Mukatero mwafika pa lamulo latsopano:

```
BWEREZA 4 [ P P P P P M ]
```

Pano pali mbuna ziwiri. Yoyamba: magulu ambiri adzalemba P kasanu ndi kamodzi chifukwa mabokosi ndi 6, loboti n'kutuluka kunja. Waima kale m'bokosi loyamba, choncho otsala oti aponde ndi 5. Cholakwa chosemphanitsa ndi chimodzi chotere amachichita ngakhale akatswiri olemba mapulogalamu, ndiye chipatseni nthawi. Mwana mmodzi awerenge mabokosi, wina awerenge mapazi, ayerekeze.

Yachiwiri ndi kusiya M kunja kwa mpanda wa zobwerezedwa, motere: `BWEREZA 4 [ P P P P P ] M`. Apa loboti akuuzidwa kupita patsogolo ka 20 asanatembenuke, ndipo pa phazi la 6 watuluka. Musawakonzere pa pepala. Loboti ayende, aone okha.

Wolondera ali ndi ntchito yatsopano: kusunga chiwerengero. Atenge timiyala tinayi m'dzanja, aziponya kamodzi pansi nthawi iliyonse wowerenga akafika pothera mpanda. Timiyala tikatha, kubwereza kwatha. Popanda izi gulu limasokonezeka pa ulendo wachitatu, n'kumakangana ngati azungulira kokwanira.

Amene amaliza msanga apatseni masitepe: kuchoka pa A1 kukafika pa F6 mokhotakhota. Yankho ndi `BWEREZA 5 [ P M P Z ]`, m'malo mwa malamulo 20. Ochangamuka kwambiri afunseni ngati P asanu aja a m'mphepete sangafupikitsidwenso. Ena adzapeza kubwereza mkati mwa kubwereza, `BWEREZA 4 [ BWEREZA 5 [ P ] M ]`, koma musaumirize kalasi yonse kufika pamenepo.

Phunziro lachitatu: kusankha

Mpaka pano olemba amaona bwalo asanalembe. Tsopano auzeni kuti mwala ndi zotchinga mudzaziika atamaliza kulemba. Pulogalamu iyenera kuyang'ana yokha n'kusankha chochita. M'mphepete mwa bwalo muwerengedwe ngati khoma.

```
BWEREZA MPAKA waima pa mwala [
  NGATI patsogolo patsekeka: M
  APO AYI: P
]
T
```

Funso la NGATI liyenera kuyankhika ndi inde kapena ayi basi. "Ngati mwala uli pafupi" silikuloledwa, chifukwa ana awiri adzayankha mosiyana. Wowerenga afunse mokweza, "Patsogolo patsekeka?", loboti ayankhe, kenako achite chimodzi chokha mwa ziwirizo. Kawirikawiri loboti amatembenuka n'kuponda nthawi imodzi, ngati kuti mizere yonse iwiri ndi yake, wolondera amubweze.

Yambani ndi mwala pa D6, loboti pa A1 atayang'ana ku A6. Apita kasanu, atembenuka, apita katatu, atola: funso lija lafunsidwa ka 9. Kenako sunthani mwala, muuike pa C4, popanda chotchinga chilichonse. Loboti azungulira m'mphepete osaleka, chifukwa palibe chomutembenuzira mkati. Mulekeni azungulire kawiri, ndiye mufunse kuti aima liti. Sadzaima. Izi ndi zimene zimachitika nthawi zina foni kapena kompyuta ikauma osayankha: yakodwa m'kubwereza kopanda potulukira. Funsani magulu kuti buku limodzi angaliike pati kuti pulogalamu yomweyi ifike pa C4. Likakhala pa A5, loboti aima pa A4, atembenukira kumanja, n'kuyenda mabokosi awiri mpaka pa mwala.

Kuona ngati amva

Gulu likhoza kupambana chifukwa cha mwana mmodzi, choncho mphindi zisanu ndi zitatu zomaliza aliyense agwire yekha. Ajambule bwalo laling'ono m'kope, ayankhe kuti loboti woyambira pa A1 atayang'ana ku A6 athera pati, ndipo atayang'ana kuti, akatsata `BWEREZA 2 [ P P M ]`. Yankho ndi C3, atayang'ana ku C1. Wolemba A5 wayenda kanayi osatembenuka, ndiye kuti akuona ngati M amachitika kumapeto kokha. Wolemba C3 koma atayang'ana ku F3 waiwala M womaliza. Wolemba bokosi lina la kutsogolo, monga B3 pakutha pa ulendo woyamba, akadali kuganiza kuti kutembenuka kumasuntha loboti. Ameneyu abwerere pa bwalo, akhale loboti yekha, mnzake amuwerengere M kanayi motsatizana mpaka aone kuti wazungulira osachoka m'bokosi lake.