Pepani mayi a Chisomo

Odi mayi a Chisomo, ndabwera kudzapepesa za dzulo zija. Kunena zoona sindinagone bwino, mawu aja ndinayankhula pampopi paja anali oipa, komanso pamaso pa ana, ayi ndinalakwa ine. Nkhuku zanu kudya ndiwo kudimba kwanga sinali nkhani yoti mpaka ndikutchuleni mbava, mtima unangondipsa basi ndiye pakamwa panathamanga. Inu ndi amene munandigonera kuchipatala mwana wanga atadwala, lero ndizikunyozani chonchi? Manyazi andigwira. Ndikhululukireni chonde, ndipo kwa onse anamva aja ndikanena ndekha kuti ndinakunamizirani. Mpanda uja ndikonza mawa. Bambo a Chisomo akabwera mundiitane, nawonso ndiwapepese.