Chidziwitso: Masewero a Lamlungu Lino pa Ngabu Asunthidwa Chifukwa Bwalo Ladzaza Madzi

Kwa mafumu athu, akuluakulu a matimu onse awiri, osewera, oyimbira mpira, ochemerera komanso onse amene amachita malonda pabwalo,

Komiti yoyendetsa chikho cha mpira wamiyendo cha m'dera lathu ikudziwitsa anthu onse kuti masewero a ndime ya matimu anayi, amene amayenera kuchitika mawa Lamlungu nthawi ya 2 koloko masana pakati pa timu ya kuno ku Ngabu ndi alendo athu a ku Nchalo, sachitikanso tsiku limenelo. Mvula yamphamvu imene yakhala ikugwa kuyambira usiku wa Lachitatu mpaka m'bandakucha wa lero yadzaza bwalo ndi madzi, moti palibe amene angasewerepo mpira popanda kuika moyo wa osewera pachiswe. Masewerowa sanathetsedwe ayi, angosunthidwa. Adzachitika pabwalo lomweli Lamlungu la sabata yamawa, nthawi yake yomweyo ya 2 koloko masana, ngati bwalo lidzakhale litauma monga tafotokozera m'munsimu.

Chigamulochi sichinapangidwe pongomva zonena za anthu kapena pongoyang'ana kumwamba. Lero Loweruka, nthawi ya 7 koloko m'mawa, woyimbira mpira amene anapatsidwa masewerowa anayendera bwalo lonse pamodzi ndi omuthandiza ake awiri a m'mbali, wapampando wa komiti, mlembi, ndi nthumwi imodzi ya timu iliyonse. Nthumwi ya ku Nchalo inafika yokha pa njinga yamoto ya kabaza, ndipo tikuithokoza chifukwa inaona zonse ndi maso ake. Kugolo lakumadzulo, kumene bwalo ndi lotsika, madzi anali atakuta malo onse a goloboyi, ndipo pamalo omenyera penate, mamita 11 kuchokera pamzere wa golo, amafika pamwamba pa akakolo a munthu wamkulu. Mizere yonse ya laimu imene anyamata anajambula Lachiwiri yakokoloka, kotero kuti sikudziwikanso pamene bwalo lathera ndi pamene msipu wayambira. Mchenga ndi zinyalala zimene madzi anatenga kumsika zatseka ngalande imene imadutsa kumbuyo kwa golo limenelo, n'chifukwa chake madzi akungobwerera m'bwalo m'malo motsikira kudambo.

Pakati pa bwalo, pamene poyang'ana chapatali pamaoneka ngati pouma, woyimbira anakweza mpira kufika paphewa n'kuusiya kuti ugwe, ndipo mpirawo unangoti phwa m'matope osanjanja ngakhale pang'ono. Atauponya pansi kuti ugubuduke, sunayende mapazi asanu. Mmodzi mwa omuthandiza atayesa kuthamanga kuchokera pamzere wapakati, jombo yake yakumanzere inatsalira m'dothi, iye n'kupitirira ndi sokosi yokha. Atatha kuyendera, woyimbira anauza onse amene analipo kuti sangayimbe wezulo yoyambitsa masewero pabwalo lotere, ndipo nthumwi za matimu onse awiri zinavomereza ndi kusainira lipoti lake. Malamulo a mpira wamiyendo a bungwe lapadziko lonse la IFAB, amene bungwe loyendetsa mpira m'dziko muno la FAM limatsata ndipo ifenso timawatsata m'chikho chathu, amafuna kuti mizere ya bwalo izioneka bwino, ndipo amapereka kwa woyimbira mphamvu yoimitsa kapena kulekeza masewero. Komiti siingapikisane naye pa nkhani yokhudza chitetezo cha osewera, ndipo pa ulendo uno sitinaonenso chifukwa chopikisanirana naye.

Tikudziwa kuti ena afunsa chifukwa chimene sitinangodikira kuti tione mmene kuchere mawa, popeza dzuwa la kuno kuchigwa likawala limaumitsa zinthu msanga. Funsoli ndi lomveka, ndipo komiti inalikambirana kwa nthawi yaitali. Vuto lagona pa dothi. Bwalo lathu lili pa makande, dothi lakuda lija limene m'chilimwe limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, koma likakhuta madzi limafufuma, n'kutseka ming'alu yonse, osalolanso madzi kulowa pansi. Aliyense amene analimapo thonje kapena mapira m'minda ya kuno akudziwa kuti makande akauma pamwamba amanyenga, chifukwa pansi pake pamakhala phala loterera kwa masiku angapo. Wosewera akaponda mwamphamvu kuti atembenuke, phazi limamira n'kugwidwa pamene thupi likupitirira, ndipo mawondo ndi akakolo amabinyika kapena kuthyoka mwa njira yotereyi. Ambiri mwa anyamata athu ndi amene akudaliridwa kumunda ndi pakhomo nyengo ino ya kupalira, ndipo chikho chathu chilibe thumba lolipirira chithandizo cha munthu amene wathyoka mwendo. Chinanso n'chakuti anthu 22 akapondaponda makande onyowa kwa mphindi 90, mapazi awo amauma momwemo ngati zibuma, ndipo bwalo limakhala la mabampu mpaka mvula ya chaka chamawa. Tikanaumirira kusewera mawa, tikanawononga bwalo lomwe tikufuna kuti lidzachititse masewero a ndime yotsiriza.

Tinaganiziranso za ulendo wa alendo athu ndi ochemerera awo. Amene amayenda pamsewu wa M1 pakati pa Nchalo ndi Ngabu akudziwa kuti mitsinje yochokera kumapiri akumadzulo imatha kudzaza mwadzidzidzi ngakhale kuno kusakugwa mvula, ndipo tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023 anadulira misewu ndi kusamutsira mabanja m'boma lino la Chikwawa. Mvula ya sabata ino siinafike pamenepo, ndipo sitikufuna kuopseza anthu, koma sikwanzeru kuitanitsa malole odzaza achinyamata kuti abwere ndi kubwerera madzulo m'nyengo yotere. Tasankha kulengeza lero kuti amene anapangana ndi eni galimoto athe kusintha pangano lawo asanathire mafuta.

Tsiku latsopanoli lidalira zotsatira za kuyendera kwina kumene woyimbira yemweyo adzachite Lachisanu likubwerali nthawi ya 7 koloko m'mawa, nthumwi za matimu onse awiri zilipo. Akadzakhutira, komiti idzatsimikiza masewerowa pasanafike 12 koloko masana a tsiku lomwelo. Akadzapeza kuti bwalo likadali lonyowa, kapena ngati nthambi ya boma yoona zanyengo idzakhale itachenjeza za mvula ina yamphamvu kumapeto kwa sabata, komiti idzakumana ndi akuluakulu a matimu awiriwa madzulo ake kuti asankhe pakati pa kusunthanso tsiku ndi kupititsa masewerowa kubwalo lina lokwera limene mbali zonse zidzagwirizane. Timu ya ku Dyeratu, imene inapambana kale masewero ake a ndime yomweyi sabata yatha, ikudziwitsidwa kuti ndime yotsiriza yasunthidwanso ndi sabata imodzi, kuti amene adzapambane pa Ngabu adzakhale ndi masiku okwanira opumula. Tikupepesa kwa iwo chifukwa chowadikiritsa.

Akuluakulu a matimu adziwe kuti mayina a osewera amene anaperekedwa kwa mlembi Lachinayi ndi omwewo amene adzagwire ntchito, ndipo kusunthidwa kwa tsikuku sikukutsegula mpata wolembetsa osewera atsopano kapena obwereka kumatimu ena. Wosewera amene amayenera kukhala panja mawa chifukwa cha khadi yofiira kapena makadi achikasu adzakhalabe panja pa tsiku latsopanoli, popeza chilango chimawerengedwa pa masewero amene aseweredwa, osati pa masiku amene adutsa.

Amene munagula kale matikiti a K1,000 ndi a K500 a ana asukulu, asungeni pouma, chifukwa ndi omwewo amene mudzalowere pachipata popanda kuwonjezera ndalama ina iliyonse. Amene simudzatha kubwera pa tsiku latsopanoli mukhoza kukatenga ndalama zanu kwa msungichuma wa komiti, amene adzakhala patebulo pafupi ndi chipata cha bwalo Lachiwiri ndi Lachitatu kuyambira 9 koloko m'mawa mpaka 3 koloko masana. Mubwere ndi tikiti yanu yosang'ambika, ndipo amene munalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba mubwere ndi foni imene ili ndi uthenga wotsimikizira malipirowo. Komiti siidzaimbira foni munthu aliyense kumupempha nambala yachinsinsi kuti imubwezere ndalama, choncho wina akakuimbirani motero m'dzina lathu, musamupatse. Kwa amayi ndi abambo ogulitsa mandasi, zitumbuwa, thobwa, chimanga chootcha ndi kanyenya, tikudziwa kuti ena mwa inu munali mutagula kale ufa, mafuta ndi nyama, ndipo ena munali mutaphika kale thobwa. Komiti ilibe mphamvu yobwezera zimene mwataya, koma ndalama ya malo imene munalipira idzagwira ntchito pa tsiku latsopanoli, ndipo aliyense adzabwerera pamalo amene anapatsidwa.

Kuyambira lero mpaka Lachisanu bwalo latsekedwa. Timu yathu ya pa Ngabu nayonso siiloledwa kuchitirapo zokonzekera, ndipo makochi apeze malo ena okwera. Tikupempha eni ng'ombe ndi mbuzi kuti auze abusa awo asadutsitse ziweto pabwalo, komanso oyendetsa ngolo ndi njinga zamoto aleke kudulira njira pakati pake, chifukwa mapazi a ng'ombe ndi matayala zimasiya maenje amene sitingathe kuwakwirira m'sabata imodzi. Makolo aletse ana kusambira ndi kusewera m'madzi amene aima kugolo lakumadzulo. M'mawa muno tinapezamo ana asanu akuthamangitsa achule, osadziwa kuti madziwo adutsa kumsika ndi kumbuyo kwa zimbudzi asanafike pamenepo. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unatenga miyoyo ya anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo madzi otere ndi amene amafalitsa matenda otsekula m'mimba.

Lolemba nthawi ya 6 koloko m'mawa, ngati mvula idzakhale itakata, padzakhala ntchito yotsegula ngalande yotsekekayo ndi kukumba kanjira kotulutsira madzi kuchokera kukona yakumadzulo kupita kudambo. A Gulupu avomera kuti uthengawu ulengezedwe m'midzi yawo, ndipo tikupempha achinyamata ndi ochemerera onse amene angathe kuti abwere ndi makasu, mafosholo, mawilibala ndi matumba opanda kanthu othiramo mchenga. Laimu wojambuliranso mizere komiti idzagula yokha, ndipo mizereyo idzajambulidwa Loweruka, bwalo likadzavomerezedwa.

Amene mwawerenga chidziwitsochi muuzeko anzanu amene alibe mafoni, makamaka a m'midzi yakutali amene amanyamuka m'mawa wapansi kapena panjinga, kuti asavutike ndi ulendo mawa. Tikupemphanso atsogoleri a mipingo kuti achilengeze m'mapemphero a mawa m'mawa. Mafunso onse apite kwa mlembi kudzera kwa wapampando wa timu yanu, kapena mudzawafunse patebulo la msungichuma pa masiku amene tatchulawo.

Ine wanu,
Mlembi wa Komiti Yoyendetsa Chikho,
m'malo mwa Wapampando ndi komiti yonse,
Ngabu, Chikwawa.